Tilembe chiyani pofotokoza za shopu yathu yosoka?

"Zikomo. Ndine mtsikana wa ku Salima, pa Kamuzu Road. Bambo anga anayamba kusoka mu 1999, ndipo pano timasoka anthu anayi: bambo, mayi, achimwene anga ndi ine. Tikufuna kusindikiza kapepala kofotokoza kuti ndife ndani, koti tizisiya m'masukulu, m'matchalitchi ndi kumalo ogona alendo ku Senga Bay. Ndalemba katatu konse koma zikungotuluka ngati mbiri yowerenga pamaliro, apo ayi ngati kudzichemerera. Bambo akuti tingolemba kuti timasoka chilichonse. Ndiyambire pati?"

Achemwali, mtima m'malo. Vuto lanu si kusadziwa kulemba ayi, komatu mukudziwa zambiri za banja lanu moti kusankha zoti musiye kukukupwetekani. Ine ndakhala zaka zambiri ndikutayipira anthu makalata ndi timapepala ta mabizinesi konkuno kunyanja, ndipo ndinakulira pambali pa makina a mayi anga, ndikutolera tinsalu pansi. Matelala ambiri amene anabwerapo pa tebulo langa anafika ndi pepala lofanana ndi lanulo, loyambira kumudzi kumene bambo anabadwira n'kumayenda chaka ndi chaka mpaka lero. Nkhani yoyenda motero khutu la Mmalawi limaidziwa kumene limaimvera, n'chifukwa chake ikukukumbutsani za pamaliro.

Musanagwire cholembera, muoneni kaye munthu amene adzalandire kapepalako. Ndi mphunzitsi wamkulu amene pa tebulo pake pali kale mulu wa mapepala ndipo panja pali makolo atatu akumudikira. Kapena ndi mayi amene wasunga ndalama miyezi iwiri n'kugula nsalu ya chinkhoswe cha mwana wake, ndipo nsaluyo ili m'chikwama, akuopa kuipereka kwa munthu wosamudziwa. Anthu awiriwa ali ndi chinthu chimodzi chofanana: aliyense anapwetekedwapo ndi telala. Wina anauzidwa kuti "mubwere mawa" mpaka sabata zitatu, wina anapeza diresi lake litadulidwa lalifupi, ndipo nsalu ikadulidwa siibwerera. Choncho akamawerenga kapepala kanu, mumtima akufunsa kuti kodi amenewa amasoka chimene ndikufunachi, adzamaliza pa nthawi yake, ndipo zikalakwika ndikaonana ndi ndani. Chiganizo chilichonse chimene mulembe chizichotsako mantha amenewa. Chimene sichikuchotsa mantha aliwonse, ngakhale chikhale chokoma bwanji, chisungeni kunyumba.

Pali kayesedwe kamene ndimachita ndi aliyense wobwera ndi zolemba zake. Ndimaphimba dzina la shopu ndi chala changa chachikulu, kenako ndimawerenga mokweza n'kufunsa kuti, kodi telala wa khomo loyandikana nanu angaike dzina lake pamenepa osasintha liwu ndi limodzi lomwe? "Timasoka mwaluso." Angaike. "Mitengo yathu ndi yabwino." Angaike. "Makasitomala athu ndi mabwana athu." Ameneyo ndiye analemba kale ndi penti pakhoma lake. Mawu oterewa ndi amene akukupangitsani kumva ngati mukudzichemerera, chifukwa ndi matamando opanda umboni. Mukalemba kuti "timabweza nsalu yotsala pamodzi ndi chovala chanu", simunadzitame, mwangonena zimene mumachita, koma mayi wa nsalu ya chinkhoswe uja wamva kale kuti ndinu anthu okhulupirika. Ndipo mnzanu wa khomo linalo sangakopere mawu amenewo pokhapokha nayenso atayamba kubweza nsalu.

Tsopano za mawu a bambo aja. Bambo sakunama. Munthu amene wapalasa makina kuyambira 1999 angathedi kusoka chilichonse, kuyambira kabudula wa mwana mpaka chophimbira mpando wa njinga ya kabaza. Vuto ndi lakuti liwu loti "chilichonse" silipanga chithunzi m'mutu mwa wowerenga. Mphunzitsi wamkulu akufuna kuona liwu loti yunifolomu, ndipo akapanda kuliona m'mizere iwiri yoyamba, kapepalako kapita m'dirowa. Musatsutsane nawo bambo, si bwino, komanso simungapambane. Tengani kope limene mumalembamo ntchito zobwera, mukhale nawo pansi madzulo mutatseka, muwapemphe kuti muwerengere limodzi ntchito za chaka chathunthu. Ndikuti chaka chathunthu chifukwa ntchito yosoka ili ndi nyengo zake. Mukangowerenga za Ogasiti ndi Seputembala mudzaona ngati ndinu osoka mayunifolomu okhaokha poti sukulu zimakhala zikutsegulira, mukawerenga za Disembala mudzaona madiresi a Khirisimasi ndi a ukwati, ndipo kuno kwathu sabata zoyandikira Idi zimadzaza shopu ndi makanzu ndi zovala za ana. Pa ntchito iliyonse lembani kamzere, mudzaone magulu atatu amene ali ndi timizere tambiri. Amenewo ndiwo akhale m'chiganizo choyamba. Kawirikawiri bambo akaona okha kuti theka la kope ndi mayunifolomu ndi zovala za amayi a kutchalitchi, amayamba ndi iwowo kunena kuti tilembe zimenezo. Kuti mawu awo asatayike, kumapeto kwa ndime mutha kuika kuti "ngati muli ndi ntchito ina, tifunseni".

Ndipo ngati pali chimene simuchita, chinenedwe. Ngati mulibe makina opetera mabaji, lembani kuti baji sukulu imabweretsa yokha, inu mumangosokerera. Anthu amaopa kuti akalemba zotere athawitsa makasitomala, koma zimene ndaona ine n'zakuti wowerenga akapeza malo amodzi pamene mwavomera malire anu, amayamba kukhulupirira zina zonse zimene mwalemba.

Mbiri ya banja ilowe, koma ikhale ya ziganizo ziwiri kapena zitatu, ndipo ibwere pambuyo poti mwanena zimene mumasoka. Posankha zoti zilowe, funsani kuti kodi mfundo iyi ikumuuza chiyani mlendo za ntchito yathu. Zoti bambo anayambira pakhonde la sitolo ndi makina amodzi opalasa ndi mwendo ndi zothandiza, chifukwa zikuonetsa kuti luso analipeza ndi manja awo ndipo sanasamuke m'tauni muno. Zoti anavutika kulipira fizi ya ana, kapena kuti anadwalapo chaka china, n'zoona ndipo n'zanu, koma mlendo sadziwa chochita nazo. Lembaninso chaka chenichenicho, 1999, osati "zaka zambirimbiri" kapena kuwerengera kuti zakwana zingati. Chaka sichikalamba, pamene nambala ya zaka imakhala yolakwika Januwale akangofika, mapepala mukadali nawo m'katoni.

Ngati mbiriyo ikukuvutani kuifupikitsa, chitani izi. Pemphani mnzanu amene bambo sanamuzolowere kwambiri kuti adzawafunse akugwira ntchito kuti, "Bambo, munayamba bwanji?" Inu mukhale chapatali mukujambula mawu pafoni, mutawadziwitsa bambowo. Munthu akamayankha mlendo uku manja ali pansalu salankhula zotalika, amangotchula zenizeni. Mawu amene atuluke pamenepo amakhala abwino kuposa amene inu mungapeke mutakhala pa tebulo usiku wonse.

Pamene ndikufuna mukhalitsepo ndi pa liwu loti banja, chifukwa ambiri amalitaya pachabe. Amalemba kuti "ndife bizinesi ya pabanja" n'kulekera pomwepo, ngati kuti zimenezo pazokha ndi ubwino. Kwa wowerenga, liwu limeneli lingatanthauzenso kuti akadzabwera ndi dandaulo aliyense adzaloza mnzake. Limayamba kugwira ntchito mukanena kuti ndani amachita chiyani. Bambo amadula ndi kusoka masuti ndi mathalauza. Mayi amayeza ndi kusoka za amayi. Achimwene amayang'anira mayunifolomu ndi kukapereka kusukulu. Inu mumalemba maoda ndi kuyankha foni. Ndangoyerekeza, inu muika mmene zilili kwanu. Taonani chimene chachitika ndi chiganizo cha mayi chija. Kuno ku Salima ndi ku Nkhotakota amayi ambiri, Asilamu ndi Akhristu omwe, samasuka kuti mwamuna awazungulize tepi m'chiuno ndi pachifuwa, ndipo ena amangotumiza diresi lakale kuti telala ayezerepo, n'chifukwa chake chovala chimatuluka chosakhala bwino. Mawu asanu okha oti "amayi amayezedwa ndi mayi anzawo" angakubweretsereni gulu lonse la amayi a Chigwirizano. Ichi ndi chinthu chimene telala wosoka yekha pakhonde sangalonjeze, ndipo inu muli nacho chifukwa choti ndinu banja.

Komabe ndime yomweyi ndi imene imayambitsa mikangano. Dzina la munthu likalembedwa papepala limalemera kuposa mmene limamvekera pakamwa. Wina adzafunsa chifukwa chake watchulidwa kumapeto, wina adzadabwa kuti bwanji alamu amene amathandiza kusita ndi kusokerera mabatani sanatchulidwe. Muwerengereni aliyense zimene mwalemba za iye musanapite kosindikiza, ndipo wosafuna kutchulidwa dzina muzingoti "mwana wawo wamwamuna". Mawu oti "mwini wake" muwapewe ngati banja silinakambiranepo nkhani imeneyo poyera. Kapepala kotsatsa ntchito sikoyenera kukhala malo oyamba pamene achimwene anu akumvera kuti shopu ndi ya ndani. Mukaona kuti funso limeneli likutentha, imani kaye, muitane akuluakulu a kubanja akuthandizeni, ndipo ngati pali katundu wambiri monga makina ndi nyumba ya shopu, mukaonane ndi munthu wodziwa malamulo kuti zimene mwagwirizana zilembedwe.

Nambala ya foni nayo ndi nkhani ya banja. Ndinasindikizirapo banja lina la osoka mapepala 500 okhala ndi nambala ya mnyamata wawo, poti ndiye anali ndi foni yabwino. Pasanathe miyezi inayi mnyamatayo ananyamuka ulendo wa ku Joni, nambala n'kuzima. Mayi ake anabwera ndi katoni yonse, tinakhala masana athunthu tikufufuta ndi cholembera n'kumalemba nambala ina pamwamba, koma amene anali atagawidwa kale m'masukulu sitikanawaitanitsa. Gulani nambala ya shopu, foni yake izigona m'dirowa ya shopu, ndipo ngati mumalandira ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba, dzina lotuluka potumiza likhale limene wowerenga waliona papepala. Munthu akaona dzina lachilendo amayamba waima kaye.

Tibwere pa malonjezo. Apa ndi pamene kapepala kamapindulitsa kwambiri, ndi pomwenso kangakuchititseni manyazi. Musalembe kuti "timasoka mwachangu". Bwererani ku kope lija, muone tsiku limene nsalu inabwera ndi tsiku limene chovala chinathadi, osati limene munalonjeza. Mukapeza kuti diresi limatenga masiku anayi kapena asanu, lembani sabata imodzi. Munthu wouzidwa sabata n'kuitanidwa tsiku lachisanu amakakuuzirani anzake, pamene wouzidwa masiku atatu n'kulandira tsiku lachisanu lomwelo amachoka akung'ung'udza, chikhalirecho ntchito ndi imodzimodzi. Nenaninso za nyengo yothithikana, kuti ofuna mayunifolomu a Seputembala abweretse oda mu Julayi. Ngati muli ndi makina opalasa ndi mwendo pambali pa amagetsi, zitchuleni, chifukwa aliyense kuno amadziwa kuti "kunalibe magetsi" ndi chifukwa choyamba chimene telala amapereka. Koma onetsetsani kaye: ngati ovaloko yanu ndi yamagetsi, ndiye kuti magetsi akazima ntchito imaima ndithu pomaliza m'mphepete, choncho musalonjeze kuti simuima.

Mitengo musaiike m'kapepala aka. Mukukumbukira mu Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti mmene ulusi, zipi ndi lainingi zinakwerera sabata zochepa chabe. Amene anali atasindikiza mitengo anatsala ndi mapepala owatsutsa okha, kasitomala akuloza ndi chala kuti "koma apa mwalemba zakuti". Chimene mungalembe ndi kalipiridwe, poti sikasinthasintha: theka poyamba, theka potenga. Mitengo ikhale pa kapepala kena kakang'ono kokhala ndi deti, koti mutha kusintha mwezi uliwonse.

Tiyeni tiziike pamodzi muone mmene zingamvekere. Mayina ndi malo ndangoikapo a uje, ndipo lonjezo lililonse limene kwanu simuchita mulichotse.

"Timasoka mayunifolomu a sukulu, zovala za magulu a amayi a kutchalitchi, ndi zovala za chinkhoswe ndi ukwati. Timachepetsanso ndi kukonza zovala za pakaunjika. Shopu yathu anaiyambitsa ndi Bambo Uje mu 1999, ndi makina amodzi pakhonde la sitolo pano pa Kamuzu Road. Lero tilipo anayi a banja limodzi. Bambo Uje amadula ndi kusoka za abambo. Amayi amayezedwa ndi mayi anzawo, Mayi Uje. Za mayunifolomu muonane ndi mwana wawo wamwamuna, ndipo foni amayankha ndi mwana wawo wamkazi, amenenso amalemba oda yanu n'kukupatsani lisiti. Chovala chimodzi chimatenga sabata imodzi. Oda ya sukulu timagwirizana tsiku polemba, ndipo ofuna za Seputembala abwere mu Julayi. Mumalipira theka poyamba, theka potenga. Nsalu yotsala timabweza. Chovala chikathina kapena kukula, bwerani nacho pasanathe masiku 7 tidzakonze ulere. Tili kuseri kwa msika, moyang'anana ndi chigayo, Lolemba mpaka Loweruka, 7 koloko m'mawa mpaka 5 koloko madzulo. Ngati muli ndi ntchito ina, tifunseni."

Mawu onsewa sakufika 150, akukwana pa theka la pepala la A4 n'kutsala malo a nambala ya foni ndi chithunzi chimodzi. Mulibemo liwu loti luso, mulibemo kukhulupirika, koma wowerenga wazimva zonse ziwiri. Onaninso kuti ndalemba "ife" kuyambira pamwamba mpaka pansi. Ambiri amayamba ndi "ife", pakati n'kusanduka "ine", kumapeto n'kukhala "kampaniyi", wowerenga osadziwanso kuti akulankhula ndi ndani. Pofotokoza malo gwiritsani ntchito chinthu chimene wa kabaza amachidziwa ndipo sichisuntha. Chigayo, mjigo kapena mzikiti ndi bwino kusiyana ndi "pafupi ndi ogulitsa tomato".

Mudzalakalaka kutchula sukulu ndi mipingo imene munaisokerapo, ndipo n'zoonadi kuti umenewo ndi umboni wamphamvu kuposa wina uliwonse. Koma pitani kaye mukapemphe, ndipo chilolezocho chikhale cholembedwa, ngakhale pa uthenga wa pafoni. Aphunzitsi aakulu ena safuna kuoneka ngati akukondera telala mmodzi, ndipo komiti ya sukulu ikaona dzina lawo papepala lanu mosayembekezera, mutha kutaya oda imene munali nayo kale. Chimodzimodzi zithunzi. Mkwatibwi amene munamusokera anavomera kuvala diresi, sanavomere kuti nkhope yake izizungulira m'maofesi, ndipo zithunzi za ana a sukulu ndiye musayerekeze popanda makolo awo. Chithunzi chabwino ndi cha inu anayi muli pa makina anu, chojambulidwa m'mawa pakhomo pamene pali kuwala, kuti munthu akafika azindikire kuti wafika pamalo pake. Za masatifiketi, ngati wina mwa inu ali ndi pepala la TEVETA litchuleni mmene lalembedwera. Ngati palibe, musapeke, ndipo musachite nazo manyazi, chaka cha 1999 chija chikulankhula kale.

Ku Senga Bay ndiye musapite ndi kapepala komweka. Woyang'anira malo ogona alendo alibe nazo ntchito za chinkhoswe, akufuna kumva za mayunifolomu a antchito ake, makatani, nsalu za patebulo ndi zophimbira mapilo, komanso ngati mungabwere kudzayeza mawindo nokha. Mulembe kena, mbiri ndi malonjezo zikhale zomwezo koma chiganizo choyamba chisinthe. Kameneka mwina kafunika Chingerezi, ndipo apa ndi poyenera kupempha thandizo. Pezani mphunzitsi wa Chingerezi, mumufotokozere mfundo zanu, alembe mwatsopano osati kutembenuza liwu ndi liwu, kenako akuwerengereni m'Chichewa zimene walembazo kuti mutsimikize kuti sanakuwonjezereni malonjezo. Dziwaninso kuti malo oterewa, pamodzi ndi mabungwe ndi sukulu zikuluzikulu, akakondwa nanu amafunsa mapepala: satifiketi yolembetsera bizinesi, nambala ya msonkho ya TPIN yochokera ku MRA, nthawi zina ndi laisensi ya kukhonsolo. Ngati mulibe, musalembe kuti ndinu olembetsedwa. Kafunseni ku ofesi ya zamalonda kukhonsolo ya boma kuti akulongosolereni poyambira, mzere umenewo mudzauwonjezera mapepala akatuluka.

Mukamaliza kulemba, musathamangire kusindikiza mulu. Pezani munthu amene sanafikepo pashopu panu, mwina mayi wogulitsa mpunga mumsika, mumuwerengere kamodzi kokha, osafotokozera. Kenako mumufunse kuti timasoka chiyani, akafuna diresi aonana ndi ndani, ndipo atipeza kuti. Pamene wakakamira ndi pamene pali vuto, ndipo mukonze papepalapo, osati kumulongosolera pakamwa. Kosindikiza muyambe ndi makope 20. Tengani limodzi, muimbe nambala ya foni mukuiwerenga papepalapo osati kuchokera m'mutu, mumve ngati foni ya m'dirowa ija ikulira. Makope otsalawo mugawe, ndipo kwa mwezi umodzi muzilemba kumbuyo kwa kope la maoda funso lililonse limene obwera ndi kapepalako akufunsabe. Funso likabwera katatu, yankho lake lilowe m'kapepala musanasindikize ena.